Kuwerenga kutentha kwa chitsulo poona mtundu wake pamoto: mafunso ndi mayankho

Amisiri osula nkhwangwa, makasu ndi zikwanje kuno ku Zomba, kaya ndi ku Chinamwali, ku Songani kapena ku Jali, ambiri alibe chipangizo choyezera kutentha. Amadalira maso. Maso amathandizadi, ndipo zida zambiri zabwino zasulidwa motero, koma ali ndi malire ake. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza makamaka chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, chifukwa ndi chimene ambiri timagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha, komanso ndi chimene chimalanga msanga munthu akalakwitsa moto.

N'chifukwa chiyani chitsulo chimasintha mtundu chikamatentha?

Chinthu chilichonse chotentha chimatulutsa kuwala, kungoti pamene kutentha kuli kochepa kuwalako maso sakuona. Khungu ndi limene limakumva. Mukayandikitsa nkhope ku chitsulo chakuda chimene changochoka pamoto, kuwawula kumene mumamva patsaya ndi kuwala komweko.

Kutentha kukafika pafupifupi 525°C, mbali ina ya kuwalako imayamba kuoneka, ndipo mtundu woyamba kutuluka ndi wofiira. Wasayansi John William Draper ndi amene analemba za malire amenewa mu 1847, atapeza kuti zinthu zolimba zosiyanasiyana zimayamba kufiira pa kutentha kofanana. Moto ukamawonjezeka, pamwamba pa kufiirako pamabwera kuwala kwachikasu, kenako kobiriwira ndi kwabuluu. Mitundu imeneyi ikasakanikirana diso limaona lalanje, kenako chikasu, pomaliza kuyera.

Ndiye kuti mtunduwo si wa chitsulo ayi, ndi wa kutentha. Khala la m'chipala, njerwa ya mu uvuni, waya wa kuka yamagetsi ndi nkhwangwa imene mukusula, zikakhala pa kutentha kumodzi zimawala mtundu woyandikana kwambiri. Mfundo imeneyi ili ndi ntchito pachipala: chitsulo chikafanana mtundu ndi makala ochizungulira mpaka kuvuta kuchisiyanitsa, chafika pa kutentha kwa motowo ndipo sichikweranso pokhapokha mutapopa mvukuto.

Ndiye mtundu uti ukutanthauza madigiri angati?

Manambala awa ndi a munthu amene akuyang'ana ali pamthunzi wabwino, ndipo lililonse likhoza kuphonya ndi madigiri 50 uku kapena uko.

Kufiira koyamba, kuja kumangooneka mukatchinga ndi dzanja kapena mumdima, kuli pakati pa 525°C ndi 600°C. Kufiira kodera, kooneka bwino koma kopanda kuwala, kuli cha m'ma 650°C mpaka 700°C. Kenako pamabwera kufiira kwenikweni, psuu, cha m'ma 750°C mpaka 800°C. Kufiirako kukayamba kuwala ndi kupendekera ku lalanje ndiye kuti muli cha m'ma 850°C. Lalanje weniweni ali pakati pa 900°C ndi 1,000°C, chikasu chili cha m'ma 1,050°C mpaka 1,100°C, chikasu chotuwa cha m'ma 1,200°C, ndipo kuyera kothobwa m'maso kumayambira cha m'ma 1,300°C. Chitsulo chofewa wamba chimasungunuka cha m'ma 1,500°C.

Musavutike kuloweza zonsezi. Pantchito ya tsiku ndi tsiku malo ofunika ndi atatu okha: pamene muyenera kuleka kumenya, pamene muyenera kuviika kuti chitsulo chikhwime, ndi pamene chikuyamba kupsa. Pa atatuwa, ovuta ndi apakatiwo, chifukwa mpata wake ndi wopapatiza, madigiri 30 kapena 40 okha, pamene diso palokha limatha kuphonya kuposa pamenepo.

Ndimasulira panja. Masana chitsulo sichifiira msanga, koma madzulo chimafiira ndi moto wochepa. Kodi vuto ndi makala?

Makala alibe mlandu. Vuto ndi dzuwa, ndipo pa zinthu zonse zosokoneza wosula palibe choposa chimenechi.

Chitsulo chotentha chimatumiza m'maso mwanu kuwala kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kumene chikutulutsa chokha, kwina ndi kwa dzuwa kumene kwagunda pachitsulopo n'kubwerera. Kuwala kwa chitsulo cha 700°C n'kofooka kwambiri poyerekeza ndi dzuwa la mu Okutobala, kotero kumamira. Chitsulo chimene usiku chikanaoneka psuu, masana padzuwa chimaoneka chotuwa kapena chakuda ndithu. Diso nalonso limadzichepetsa mphamvu pakakhala kuwala kwambiri, ndiye kufiira kofooka silikuonanso.

Zotsatira zake n'zodziwika. Mmisiri akudikira kuti aone kufiira kumene anazolowera, akupopabe mvukuto, ndipo pamene kufiirako kukuonekera padzuwa chitsulo chadutsa kale ndi madigiri 100 kapena kuposa. Iye akuganiza kuti akuviika pa 830°C pamene akuviika pa 950°C. Nkhwangwayo imatuluka yooneka bwino, imagulidwa, kenako imakabenthuka pa mtengo woyamba wouma. Mumdima wa ndiweyani kulakwitsa kumapita mbali inayo: chitsulo cha 700°C chimaoneka chowala kwambiri, munthu n'kuviika chisanafike, ndipo sichikhwima.

Nyengo ya kuno imawonjezera vutoli. Tsiku la chiperoni mu Juni, chifunga chitatsika m'phiri la Zomba n'kuphimba tauni, kuwala kwa pachipala kumasiyana kutalitali ndi kwa masana a m'chilimwe. Mmisiri ndi yemweyo, moto ndi womwewo, koma maso akuwerenga mosiyana.

Chofunika si mdima, koma mthunzi wosasintha. Chisakasa chikhale ndi denga losadontha dzuwa, ndipo mbali imene dzuwa limalowera mutchingeko ndi lata lakale. Ngati zimenezi sizitheka, pezani chitini chachikulu kapena dilamu lodula, muligoneke chammbali pafupi ndi moto, mkati mwake mudetse ndi mwaye. Mukatulutsa chitsulo, chilowetseni m'menemo kamphindi n'kuona mtundu wake. Mthunzi wa m'dilamu umasintha pang'ono chabe pakati pa m'mawa ndi masana. Ine ndimalangiza kuti kusula kuzichitika nthawi iliyonse imene mwapeza mpata, koma kukhwimitsa kuzichitika nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Palinso china chaching'ono. Mukayang'anitsitsa pakatikati pa moto woyera, kenako n'kuyang'ana chitsulo, chimaoneka chozizira kuposa mmene chilili chifukwa maso athobwa. Muziyang'ana moto mwachidule, chammbali. Kuyang'anitsitsa moto wachikasu kapena woyera kwa zaka zambiri kumawononganso maso.

Popanda chipangizo, pali njira yotsimikizira kuti maso anga akuwerenga bwino?

Zilipo ziwiri, ndipo zonse sizidalira kuwala kwa dzuwa. Yoyamba ndi maginito, yachiwiri ndi mchere wa kukhitchini.

Chitsulo chimaleka kukokedwa ndi maginito chikafika pafupifupi 770°C. Malire amenewa amatchedwa ndi dzina la Pierre Curie, wasayansi wa ku France amene anafufuza za maginito ndi kutentha m'zaka za m'ma 1890. Tengani maginito a sipika ya wayilesi yakufa, muwamangirire ku waya n'kuwapachika pafupi ndi chipala kuti azilendewera. Pamene chitsulo chikufiira, muzichitulutsa n'kuchiyandikitsa ku maginitowo. Poyamba amachithamangira. Kenako mphamvuyo imafooka, ndipo pakapita kanthawi amangolendewera osachilabadira. Nthawi imeneyo yang'anitsitsani mtundu wake mumthunzi wanu uja. Kufiira kumeneko ndiko 770°C pachipala panu, ndi maso anu, pa kuwala kwa tsikulo.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Musagundike maginito pachitsulo chotentha kwa nthawi yaitali, chifukwa nawonso akatentha amatha mphamvu. Chachiwiri n'chofunika kwambiri: muziyesa pamene kutentha kukukwera, osati pamene kukutsika. Chitsulo cha kaboni chimene chatenthedwa kupitirira, chikamazizira chimachedwa kuyambanso kukokedwa, mwina mpaka chitatsika pansi pa 720°C. Munthu amene watenthetsa kwambiri, n'kumadikira chizizire uku akuyesa ndi maginito, akhoza kunamizidwa.

Mchere umasungunuka pa 801°C. Tengani kachidutswa kotsala ka sipuling'i yomweyo, muwazepo mchere wosalala pang'ono, n'kukatenthetsa pang'onopang'ono. Mchere wa mibulu ikuluikulu umathetheka n'kudumpha, choncho musaugwiritse ntchito ndipo nkhope ikhale patali. Mukaona mchere wasanduka madzi n'kuyenderera pachitsulo chonyezimira, mwadutsa 800°C. Yesani pa chidutswa chotaya osati pa chida chenicheni, chifukwa mchere umadya chitsulo ndipo umaitana dzimbiri.

Tsopano muli ndi zizindikiro ziwiri zotsimikizika, 770°C ndi 801°C, zotalikirana madigiri 30 okha. Yang'anani mmene mtundu wasinthira pakati pa ziwirizi: kusintha kwake n'kochepa zedi, kungowala pang'ono. Mukawonjezera kusintha kwina kofanana nako pamwamba pa mchere, mwafika cha m'ma 830°C, pamene sipuling'i imafuna kuviikidwa. Wophunzira amene wachita zimenezi masana amodzi amadziwa zambiri kuposa amene waloweza manambala onse a m'mwamba muja.

Ndizimenya chitsulo chili mtundu wanji, ndipo ndizileka chili mtundu wanji?

Sipuling'i ya galimoto nthawi zambiri imakhala ndi kaboni wokwana magawo 6 pa magawo 1,000 alionse a kulemera kwake. Kaboni ameneyu ndi amene amachititsa kuti ikhwime, komanso amachepetsa mpata wosulira. Itulutseni pamoto ili pakati pa lalanje wowala ndi chikasu choyamba, cha m'ma 1,000°C mpaka 1,050°C. Imenyeni mpaka lalanje atatha n'kutsala kufiira kowala, cha m'ma 850°C, kenako ibwezeni pamoto. Kupitiriza kumenya ili pa kufiira kodera kumaika timing'alu tosaoneka, timene timadzatseguka poviika. Nyundo nayo imakuuzani: m'malo molowa, imayamba kudumpha ndipo kulira kwake kumakwera.

Chitsulo chofewa, monga cha mageti ndi mawindo, chili ndi kaboni wochepa ndipo chimapirira zambiri. Mukhoza kuchifikitsa pa chikasu chotuwa n'kuchimenya mpaka pa kufiira wamba popanda vuto. Koma chimenechi sichikhwima ngakhale mutachiviika bwino chotani.

Malire a kumtunda amadziwika ndi mbaliwali. Mukaona timbaliwali toyera tophulika tikutuluka m'moto, tosiyana ndi tofiira ta makala, chitsulo chanu chikupsa. Pamene papsa pamaoneka pokakala, pobowokabowoka, ndipo sipakonzekanso. Dulani mutaye. Sipuling'i imayamba kupsa msanga kuposa chitsulo chofewa, ndipo nsonga zopyapyala ndi zimene zimayamba, nthawi zambiri pamene mmisiri watembenuka kuti alankhule ndi kasitomala uku mnyamata akupopabe mvukuto.

Tandifotokozereni bwinobwino kukhwimitsa nkhwangwa, kuyambira pamene ndamaliza kusula.

Tiyerekeze kuti mwasula nkhwangwa kuchokera ku sipuling'i yokhuthala mamilimita 10, mbali yodulira mwaiphwatalitsa, msuka wolowa mumpini mwausongola. Musainole kufika pothwa. Siyani mbali yodulirayo yokhuthala pafupifupi mamilimita awiri, chifukwa ikapyapyala kwambiri imatentha msanga kuposa thupi lonse ndipo imapindika poviika.

Choyamba, ipumitseni. Kusula pa chikasu kumakulitsa timibulu ta mkati mwa chitsulo, ndipo timibulu tikuluutikulu timachititsa kuti chida chizibenthuka. Tenthetsani nkhwangwa yonse mpaka ipitirire pang'ono pamene maginito aleka kukoka, itulutseni, muisiye izizire pamphepo mpaka ide bii. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osapitirira kutentha kwa ulendo wapitawo. Mukamayang'ana mumthunzi pamene ikuzizira, nthawi zina mumaona kufiira kukubwerera pang'ono n'kuyenda pachitsulo chisanade. Kumeneko ndi kusintha kwa mkati kumene kumatulutsa kutentha, ndipo ndi umboni woti munafikadi pamene pamafunika.

Chachiwiri, konzani mafuta musanabwerere kumoto. Sipuling'i imafuna mafuta osati madzi. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri ndipo kawirikawiri amaing'amba, makamaka madzi ozizira a m'mawa wa mu Julayi. Mafuta ophikira, ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito okazingira tchipisi mutawasefa, ndi abwino kuposa oyilo wakutha wa injini amene utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Akhale malita anayi kapena asanu, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro pafupi. Afunditseni poponyamo kachitsulo kotentha mpaka afike cha m'ma 50°C. Mafuta ofunda amapyapyala ndipo amaziziritsa bwino kuposa ozizira.

Chachitatu, moto ukhale wofatsa ndi wakuya, makala ophwanya bwino ofanana kukula. Yambani ndi kutenthetsa mbali yokhuthala, kutentha kuziyenda kokha kupita kodulira. Muzitembenuza. Chimene mukufuna ndi mtundu umodzi kuyambira kodulira mpaka masentimita anayi kapena asanu kulowa mkati, popanda ngodya yowala kuposa inzake. Yesani maginito. Akaleka kukoka, bwezani pamoto, mukweze pang'ono mpaka kufiira kuwale koma lalanje asanafike. Sungani mtundu umenewo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osaukweza, kuti mkati namonso mufike.

Chachinayi, kuchokera pamoto kupita m'mafuta pasadutse masekondi awiri. Lowetsani kodulira kutsogolo, mowongoka, nkhwangwa yonse imire. Muziiyendetsa chokweza ndi chotsitsa, osati chammbali, kuti isapindike. Lawi likabuka pamwamba pa mafuta musathire madzi, vundikirani. Pakatha mphindi imodzi itulutseni, muipukute.

Tengani tupa n'kukwecha kodulira. Ngati yakhwima, tupa limangoterereka ndi kaphokoso kosongoka, osaluma. Ngati likuluma n'kutulutsa ufa wachitsulo, kwechani kaye pang'ono, chifukwa khungu lapamwamba limatha kukhala lofewa kaboni wake atapsa ndi moto. Likapitiriza kuluma, kutentha kunali kochepa kapena munachedwa panjira. Bwerezani.

Nkhwangwa ikatuluka m'mafuta imakhala yolimba mopitirira muyeso, yoti ikagwa pamwala ikhoza kusweka. Musaigoneke mpaka mawa. Ibwezeni nthawi yomweyo, kutanthauza kuitenthetsanso pang'ono kuti kulimbako kuchepe, monga yankho lotsatirali likufotokozera.

Nanga mitundu ija ya udzu wouma, yofiirira ndi yabuluu imene imayenda pachitsulo chowala, nayonso ndi kuwala kwa kutentha?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi kwawonongetsa zida zambiri. Mitundu imeneyi imabwera pa kutentha kochepa, pakati pa 200°C ndi 330°C, chitsulo chisanayambe n'komwe kuwala. Ndi kakhungu kopyapyala kwambiri kamene mpweya umapanga pamwamba pa chitsulo chopalidwa bwino. Kakhunguko kakamakhuthala, mtundu umasintha. Umboni wake ndi wakuti chitsulo chikazizira mtunduwo umatsalira, pamene kufiira kwa moto kumatha. Komanso mitundu iyi imafuna kuwala kwa masana kuti muione bwino, mosiyana ndi kufiira kumene kumafuna mthunzi.

Dongosolo lake ndi ili: mtundu wa udzu wouma wotuwa cha m'ma 220°C, udzu wodera cha m'ma 240°C, bulauni cha m'ma 255°C, pepo cha m'ma 275°C, buluu cha m'ma 300°C. Mtundu ukamapita kutsogolo chitsulo chikutaya kulimba koma chikupeza mphamvu yopirira kumenyedwa.

Pa nkhwangwa ija, palani mbali imodzi ndi mwala wonolera kapena sandipepa mpaka iwale. Igwireni ndi mbaniro, muike mbali ya msuka yokha pamwamba pa makala opanda lawi, kodulira kukhale kunja kwa moto. Mudzaona mitundu ikubadwa kumsuka n'kumayenda pang'onopang'ono kupita kodulira, udzu patsogolo, buluu pambuyo. Musafulumize. Ikamayenda mothamanga, mizere yake imapanikizana ndipo kumakhala kovuta kuimitsa pamalo oyenera. Bulauni wopendekera ku pepo akafika kodulira, viikani kuti kutentha kuleke kuyenda. Kumsuka kudzakhala kwabuluu kapena kotuwa, kofewa, ndipo n'zimene zimafunika pamalo olowa mumpini. Kupala n'kubwereza kachiwiri kumathandiza. Mpeni umaimitsidwa pa udzu wodera, chikwanje chimafuna pepo kapena buluu chifukwa chiyenera kupindika n'kubwerera.

Nkhwangwa zanga zikumabenthuka. Ndingadziwe bwanji pamene ndikulakwitsa?

Pobenthukapo pamanena zonse, choncho kasitomala akabweza chida musachitaye musanachiyang'ane. Ngati pothyokapo pali timibulu tikuluutikulu tonyezimira toti mukhoza kutiona ndi maso, chitsulo chinatenthedwa kupitirira, mwina poviika, mwina posula popanda kuchipumitsa pambuyo pake. Kawirikawiri mlandu umakhala wa dzuwa lija. Ngati pothyokapo pali posalala, potuwa, popanda kunyezimira, moto woviikira unali bwino koma simunabweze mokwanira, munaimitsa mitundu msanga. Ngati mbali ina ya pothyokapo ndi yakuda kapena yadzimbiri pamene ina ndi yoyera, mng'alu unalipo kale. Unabwera pomenya chitsulo chozizira, poviika m'madzi, kapena sipuling'iyo inali itatopa kale pagalimoto. Nkhwangwa imene sikubenthuka koma ikupindika kodulira ndi kubuntha msanga sinakhwime, kapena inabwezedwa mopitirira.

Njira yabwino yophunzirira ndi kudziwonongera dala kachitsulo kamodzi. Sulani kachidutswa ka sipuling'i kakhale kopyapyala, kotalika masentimita 15, mukatemeteme timipata ndi tchizulo pa masentimita atatu alionse. Ikani nsonga imodzi pakati pa moto mpaka ifike chikasu, pamene nsonga inayo ikungofiira modera. Viikani konse m'mafuta. Kenako thyolani pa kampata kalikonse, mutakulunga nsalu ndiponso mutateteza maso, n'kundandalika tizidutswato. Kumene kunali chikasu mudzapeza timibulu tokakala. Kumene kunali kufiira kodera sikudzathyoka bwino, kudzangopindika. Pakati penapake padzakhala kachidutswa kosalala kwambiri kamene tupa silikuluma. Mtundu umene malo amenewo anali nawo ndi umene mukufuna. Muzichita zimenezi mukagula sipuling'i ya mtundu wachilendo, chifukwa si zonse zimene zili ndi zosakaniza zofanana.

Kodi mtundu wa kunja umanena za mkati mwa chitsulo?

Umanena za khungu lokha. Chitsulo chokhuthala, monga ekiselo imene mukufuna kusulira nyundo, chikaikidwa pamoto waukali chimafika lalanje kunja mkati mukadali mofiira modera. Mudzadziwa chifukwa chikatuluka chimada msanga, mkati mukumeza kutentha kwa kunja, ndipo pomenya khungu lokha ndi limene limayenda. Chepetsani mpweya, muchipatse nthawi.

Makoko akuda amene amabadwa pachitsulo chotentha amasokonezanso. Akatukuka amazizira msanga n'kuoneka ngati mawanga akuda pamene chitsulo cha pansi pake chili bwinobwino. Palani ndi bulashi yawaya musanaweruze.

Njira imeneyi imagwira pa aluminiyamu, mkuwa ndi zitsulo zokutidwa ngati malata?

Pa aluminiyamu musaiyese. Amasungunuka pa 660°C, ndipo popeza ndi wonyezimira amatulutsa kuwala kochepa kwambiri, kotero masana amasungunuka asanasinthe mtundu ngakhale pang'ono. Amene amathira miphika ya aluminiyamu amadziwa kuti madzi ake amaoneka oyera mbee ngakhale ali otentha koopsa. Mukaona aluminiyamu wosungunuka akufiira poyera, watenthedwa kupitirira, ndipo mphika wake ukhoza kutuluka ndi timabowo. Pofuna kungomufewetsa kuti apindike, pakani sopo wochapira n'kutenthetsa mpaka sopoyo ade, zimene zimachitika cha m'ma 350°C mpaka 400°C.

Mkuwa wofiira, wa mawaya ndi mapaipi, umasungunuka pa 1,085°C, choncho umafiira bwinobwino usanafike pangozi. Kuufewetsa kumangofuna kufiira kodera, ndipo kuuviika m'madzi sikuukhwimitsa monga zimachitikira ndi sipuling'i. Mkuwa wachikasu, wa mipopi ndi maloko, uli ndi zinki ndipo umasungunuka cha m'ma 900°C, kotero lalanje akangoyamba ukhoza kugwa n'kuyenderera.

Malata ndi mapaipi amadzi okutidwa ndi zinki musawaike m'chipala. Zinki amasungunuka pa 420°C n'kuwira pa 907°C, ndipo amatulutsa utsi woyera umene ukaupuma umabweretsa kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi patapita maola angapo. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi malungo. Utsi woyera wochuluka ndi ufa woyera kapena wachikasu pachitsulo ndi chizindikiro choti muchoke pamenepo.

Chitsulo chikada ndiye kuti chazizira?

Ayi. Chimada cha m'ma 500°C, ndipo padzuwa chimaoneka chakuda chili pamwamba pa pamenepo. Chitsulo cha 400°C chimafanana ndendende ndi chozizira, koma chimayatsa pepala ndi udzu, ndipo khungu chimalichotsa pa kugunda kumodzi. Mabala ambiri a pachipala amachokera ku chitsulo chakuda osati chofiira, chifukwa chofiira aliyense amachiopa. Khalani ndi malo amodzi odziwika oikapo zotentha, kutali ndi podutsa ana ndi makasitomala, ndipo musanagwire chilichonse yandikitsani kaye kuseri kwa dzanja.

Ndingajambule ndi foni kuti ndifananize ndi zithunzi za mitundu? Nanga tizipangizo toyezera kutentha toloza ngati mfuti tija?

Foni siyodalirika pa ntchito imeneyi. Kamera imadzisinthira yokha kuwala ndi mitundu kuti chithunzi chikongole, ndiponso imaona pang'ono kuwala kumene diso siliona, kotero chitsulo chofiira chimatuluka chowala kwambiri, nthawi zina chopendekera ku pinki. Mafoni awiri akajambula chitsulo chimodzi amapereka mitundu iwiri. Tchati chosindikiza papepala chili ndi vuto lake: pepala silitulutsa kuwala, ndiye mumthunzi mmene mukuonera chitsulo, pepalalo limada.

Tizipangizo toloza totsika mtengo tambiri timathera pa 380°C kapena 550°C, pansi pa malo okhwimitsira. Tingathandize pobweza ndi poyeza mafuta, koma pa chitsulo chopalidwa chonyezimira timawerenga nambala yotsika kuposa yeniyeni, choncho muziloza mbali yakuda imene simunapale. Chipangizo choyenera moto wa chipala ndi chija cha waya wa mtundu wa K, chimene chimafika cha m'ma 1,200°C. Chimayeza pamene nsonga yake yagunda pokha, kotero kuti chipereke nambala yothandiza, kwirirani paipi yachitsulo yokhuthala, yosakutidwa ndi zinki, m'makala, muike chida ndi nsonga ya wayayo limodzi mkati mwa paipiyo, n'kudikira mpaka zonse zifanane mtundu. Njira ya paipiyi imakwanira mipeni ndi matchizulo. Nkhwangwa yotambalala siilowa, ndiye pa iyo mudzabwererabe ku maginito ndi mthunzi wa dilamu.